Kalata kwa makasitomala athu: tachepetsa apu ndi deta yomwe imadya

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukulemberani za kusintha kwa apu yathu yolembera malonda ndi katundu. Madandaulo omwe takhala tikulandira kwambiri ndi awiri: bandulo ikutha mwezi usanathe, ndipo foni ikumakana kulowetsa apu chifukwa malo adzaza. Apu yatsopano yomwe ili pa Play Store yakonzedwa poganizira zimenezi. Koma pali zina zomwe izichita mosiyana ndi kale, ndiye ndi bwino muzimve kwa ife musanadabwe nazo.

Chomwe chimadya deta kwambiri si manambala omwe mumalemba. Malonda a tsiku lonse, akakhala mawu ndi manambala okha, safika n'komwe kukula kwa chithunzi chimodzi. Vuto linali zithunzi za malisiti ndi katundu. Kamera ya mamegapikiseli 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo kawirikawiri chimalemera pafupifupi 3 MB. Chikhalirecho sikirini ya mafoni ambiri otsika mtengo ili ndi timadontho 720 tokha m'lifupi. Ndiye kuti mumalipira kutumiza timadontho tambirimbiri tomwe diso lanu silidzationa pa foniyo.

Tsopano apu izichepetsa chithunzi chili pa foni pomwepo, chisananyamuke. Mbali yaitali izitsika kufika pa timadontho 1280, kenako chithunzicho chizisungidwa mu mtundu wa WebP, womwe kampani ya Google inatulutsa mu 2010 ndipo umapanikiza bwino kuposa JPEG. Chithunzi chotere nthawi zambiri chimakhala cha 200 KB kapena kucheperapo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mumajambula zithunzi 20 patsiku. Kale zimenezi zinali 60 MB tsiku lililonse, kutanthauza 1,800 MB pa masiku 30. Munthu wogula bandulo ya 1 GB ankaipeza yatha cha pa tsiku la 17, asanatumize ndi uthenga umodzi womwe kwa achibale. Ndi apu yatsopano, zithunzi 20 zomwezo ndi 4 MB patsiku, kapena 120 MB pamwezi. Komanso mukatsegula mndandanda wa katundu, apu izikoka tizithunzi ting'onoting'ono tokha. Chachikulu chizibwera pokhapokha mwachidina, ndipo chikabwera kamodzi chizikhala m'foni, osachikokanso mawa.

Pali chomwe tataya, ndipo sitikubisirani. Chithunzi chochepetsedwa mukachikulitsa kwambiri ndi zala chimayamba kuoneka mbuu. Pa thumba la katundu kapena botolo palibe vuto. Vuto limabwera pa lisiti lalitali la zilembo zing'onozing'ono, makamaka la mapepala aja omwe amafufutika akakhala padzuwa: mukalijambula muli patali, 3 ndi 8 amatha kufanana. N'chifukwa chake apu izikuonetsani chithunzi chochepetsedwacho musanachisunge. Yang'anani nambala ya ndalama. Ngati sikuwerengeka, jambulaninso mutayandikira, lisiti lidzaze sikirini yonse, ndipo lalitali muligawe pawiri. Jambulani pamalo owala. Ichi ambiri sachidziwa: chithunzi chojambula mumdima chimakhala ndi timadontho ta phokoso tomwe sitipanikizika bwino, moti chimaoneka moipa koma n'kulemera kuposa chowala. Ngati ndi chikalata chofunika kwambiri, pali batani lakuti "Tumizani chonse", ndipo apu izikuuzani kukula kwake musanavomere.

Chachiwiri ndi katumizidwe ka zolemba zanu. Apu sizifunsanso seva yathu, kompyuta yomwe imalandira zolemba zanu, pafupipafupi foni ili m'thumba. Izisunga zonse m'foni, ngakhale netiweki kulibe, n'kutumiza zomwe zasintha zokha mukaitsegula kapena mukadina "Tumizani". Choncho ngati eni bizinesi ndi wogwira ntchito ali ndi mafoni awiri, manambala akhoza kusiyana kwa kanthawi mpaka onse atatumiza. Musanayambe kukayikirana, onani kaye pamwamba pa sikirini, pomwe pazilembedwa chiwerengero cha zolemba zomwe zikudikira.

Apa pokha tikupempha kuti musamale kwambiri. Foni ikadzaza, anthu ambiri amathamangira ku Settings n'kufufuta zinthu za apu. Pali mabatani awiri oyandikana. `Clear cache` amachotsa zithunzi zokokedwa kale, ndipo sataya chilichonse chomwe munalemba, kungoti zithunzizo mudzazikokanso ndi deta yanu. `Clear storage`, yomwe pa mafoni ena imalembedwa `Clear data`, imafufuta zonse, kuphatikizapo malonda omwe sanatumizidwe. Zimenezo ifenso sitingazibweze, chifukwa sizinafike kwa ife. Musadine batani lachiwirili, kapena kuchotsa apu, chiwerengero chija chisanafike pa 0.

Tibwere ku kukula kwa apu. Kale fayilo imodzi inkanyamula zofunika pa mafoni a mitundu yonse: mapurosesa osiyanasiyana, masikirini aakulu ndi aang'ono, ndi zilankhulo zomwe simudzazitsegula. Tsopano tikugwiritsa ntchito njira ya Android App Bundle, yomwe Google inayambitsa mu 2018. Play Store imayang'ana foni yanu n'kukupatsani zidutswa zoyenera foniyo basi. Tachotsanso makanema ophunzitsira omwe anali m'kati. Alipobe, koma azibwera mukawafuna. Kukula kwa apu kuzisiyana foni ndi foni, ndiye nambala yodalirika ndi yomwe Play Store ikuonetseni. Dziwaninso kuti apu ikalowa imatenga malo ochulukirapo kuposa nambalayo, popeza imabwera yopanikizidwa, choncho siyani mpata wokwanira.

Njira imeneyi ili ndi msampha umodzi. Tikudziwa kuti ambiri mumapatsana mapulogalamu pa Bluetooth kuti mupulumutse deta, ndipo n'zanzeru. Koma apu yomwe ili m'foni ya mnzanu tsopano ndi zidutswa zingapo zopangidwira foni yake. Njira zambiri zotumizirana zimangotenga chidutswa chimodzi, ndipo zotsatira zake n'zakuti foni imalemba `App not installed`, kapena apu imalowa koma n'kumatseka yokha mukangoitsegula. Zikatero foni yanu sinawonongeke. Ikokeni apuyo pa Play Store, makamaka pomwe mwapeza Wi-Fi. Chenjerani ndi kachipangizo ka intaneti ka m'thumba komwe mumagulira bandulo: foni imatha kukaona ngati Wi-Fi yopanda malire, n'kuyamba kukoka mapulogalamu onse nthawi imodzi. Pa mafoni ambiri mukhoza kulowa pa dzina la Wi-Fi imeneyo n'kusankha `Treat as metered`.

Musangokhulupirira mawu athu. Lowani ku Settings, kenako Apps, sankhani apu yathu, mutsegule gawo la deta. Mayina amasiyanako malinga ndi foni, koma muona nambala ziwiri: `Foreground`, deta yomwe yapita mukuigwiritsa ntchito, ndi `Background`, yomwe yapita apu ili yotseka. Lembani nambalazi lero, mudzaonenso pakatha sabata. Ya `Background` iyenera kukhala yochepa kwambiri. Ngati ikukwera, kapena ngati zonse pamodzi zikupitirira kutali ndi masamu tachita pamwambapa, tilembereni kudzera pa gawo la "Thandizo" m'apumo. Mutiuze mtundu wa foni, nambala ya Android yomwe ili m'menemo, ndi zithunzi zomwe mumajambula patsiku, kuti tifufuze msanga.

Ndife anu,
Gulu lokonza ndi kusamalira apu