Thaulo limodzi kupukutira kalasi yonse?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za thaulo limene lapachikidwa pakhomo la kalasi ya mwana wanga wa zaka 6. Ndi limodzi lokhalo. Ana akachoka kosewera amapukutira m'manja, kukamwa, ena mamina omwe.

Sabata yatha mwanayu anabwera ndi timatuza tiwiri pansi pa mphuno. Kutacha tinali titaphulika, tikutuluka madzi, ndipo pofika tsiku lachitatu panali nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, zina zitafika kale pachibwano. Thupi silinatenthe, ululu panalibe, koma kuyabwa kokha. Nditapita kusukulu ndinawerenga ndi maso angawa ana asanu a nkhope zomwezo. Aphunzitsi akuti, "Amayi, musade nkhawa, ndi zilonda za malungo izi." Malungo osankha ana a benchi imodzi okha? Aphunzitsi athu afika pokhala madokotala, tiwaombere m'manja!

Dokotala weniweni atangoona anati ndi impetigo, matenda a pakhungu obwera ndi mabakiteriya. Chizindikiro chake ndi nkhanambo za mtundu wa uchi zomwezo, kawirikawiri kuzungulira mphuno ndi pakamwa. Tizilomboti timalowera pamene khungu lang'ambika: polumidwa ndi udzudzu, pokandika, kapena pamene pasupuka chifukwa cha chimfine. Madzi a m'chilondamo ndiwo adzaza tizilombo. Mwana akakanda, timakhala m'zikhadabo. Akagwira tsaya amadzala chilonda china, akagwira mnzake wamupatsira. Nanga ana a msinkhu uwu amakhala motalikirana? Amakumbatirana, amalimbana, mitu pamodzi pa buku limodzi. Ndiye mkati mwa zonsezi wina n'kuwapatsa thaulo lonyowa kuti azilandirizana! Choipa china n'chakuti zilonda zimatenga masiku angapo zisanaoneke, moti pamene mukuona mwana woyamba, anzake atenga kale.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pageti amayendera sokosi, tsitsi ndi nsapato. Mwana wopanda yunifomu amabwezedwa m'mawa womwewo, koma wa zilonda zochucha kumaso amalowa bwinobwino. Kodi oyendera masukulu ndi a zaumoyo akabwera amayang'ana chiyani, maluwa? Matendawa ndi osavuta kuchiza, komabe mwa apo ndi apo amasiya vuto la impso. Dokotala anandiuza kuti ndikaona nkhope ikutupa kapena mkodzo wakuda m'masabata akubwerawa, ndithamangire kuchipatala.

Wanga anamupatsa mafuta opaka opha mabakiteriya kwa masiku 5, ndipo ndinamuwenga zikhadabo. Anati akhale kunyumba maola 48 chiyambireni mankhwala, kenako atha kubwerera. Masiku awiri basi! Choncho aphunzitsi aakulu auze makolo a ana asanu aja apite nawo kuchipatala, aike sopo pampopi, ndipo thaulo lija alichotse lero, apo ayi ndikalichotsa ndekha Lolemba.

Kholo lokhumudwa