Chiwongoladzanja cha 3 peresenti chimene si 3 peresenti

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za bungwe lina lobwereketsa ndalama limene lakhala likulengeza kuti ngongole zake ndi za chiwongoladzanja cha 3 peresenti yokha pamwezi. Mng'ono wanga anakopeka, anasaina mapepala a ngongole ya 100,000 yobweza m'miyezi 12, koma m'manja mwake munalowa 93,000. Atafunsa, anauzidwa mwaulemu wonse kuti 5,000 ndi yoyendetsera mapepala ndipo 2,000 ndi ya inshuwalansi. Kaya mapepalawo amayenda pa ndege, iwo ndi amene akudziwa.

Chimene chandipweteka kwambiri si 7,000 imeneyo ayi, koma kuti chiwongoladzanja akuchiwerengera pa 100,000 yonse, kuphatikizapo ndalama imene sinatuluke n'komwe mu ofesi yawo. Mwezi uliwonse akutenga 3,000, ndiye kuti pachaka ndi 36,000, ndipo ngongole yonse yobweza ikukwana 136,000, imene akuigawa kukhala 11,333 pamwezi. Munthu amene walandira 93,000 n'kubweza 136,000 walipira 43,000 kuti agwiritse ntchito ndalamazo, osati 36,000 imene wogwira ntchito pamenepo ankangoibwereza monyadira.

Komatu nkhani sikuthera pamenepo. Wobwereka sasunga ndalama yonseyo chaka chathunthu, chifukwa mwezi uliwonse amabwezako gawo la ngongole yeniyeniyo, pafupifupi 8,333. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi amakhala atabweza theka, koma 3,000 ija siitsika ngakhale pang'ono. Pofika mwezi womaliza amakhala atatsala ndi ngongole ya 8,333 yokha, ndipo akuluakuluwa amatengabe 3,000 pa kandalama kameneko, komwe ndi 36 peresenti m'mwezi umodzi. Nanga akatapila timawanyozeranji, ngati ovala mataye akuchita zomwezo atakhala pampando wawofuwofu?

Njira yachilungamo yodziwira mtengo weniweni wa ngongole ndi kuyang'ana zinthu zitatu zokha: ndalama imene yalowadi m'manja, imene ukupereka mwezi uliwonse, ndi kuchuluka kwa miyezi. Kenako umafunsa kuti, chiwongoladzanja chikanamawerengedwa pa ngongole yotsala yokha, chikanakhala cha peresenti ingati kuti manambala atatuwa agwirizane? Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets angalembe motere:

```
=RATE(12,-11333,93000)
```

Yankho limatuluka pafupifupi 0.064, kutanthauza 6.4 peresenti pamwezi, yomwe ndi yoposa kuwirikiza kawiri imene analengeza. Tikachulukitsa ndi 12 tikupeza pafupifupi 77 peresenti pachaka. Pakanakhala popanda zodula zija, m'malo mwa 93000 tikanalemba 100000 ndipo yankho likanakhala pafupifupi 5.1 peresenti, zimene zikuonetsa kuti kawerengedwe kawoko pakokha kakuwonjezera maperesenti awiri, ndipo 7,000 yooneka yochepayo ikuwonjezeranso yoposa imodzi mwezi uliwonse. Wobwereketsa wina amene anganene poyera kuti amatenga 5 peresenti pa ngongole yotsala, popanda zodula, ndiye wotchipa, ngakhale kuti pachikwangwani amaoneka wodula. Choncho woona mtima ndiye amathawidwa ndi makasitomala.

Chizindikiro chodziwira msampha umenewu n'chosavuta. Chulukitsani ndalama ya pamwezi ndi miyezi yonse, muchotsepo ngongole yolembedwa papepala; ngati chotsalacho chikufanana kapena kuyandikana kwambiri ndi peresenti yolengezedwayo kuchulukitsa ndi ngongole yonse ndi miyezi yonse, dziwani kuti akukulipiritsani ngati simunabwezeko kalikonse. Tsoka lake mawerengedwe amenewa munthu amawachita ali kunyumba atasaina kale, pakuti pepala losonyeza kabwezedwe ka mwezi ndi mwezi amalipereka pomaliza, ngati alipereka n'komwe. Za zilango za kuchedwa kubweza, zolembedwa m'timalemba tofuna magalasi, sindiyambako, chifukwa tsamba lanu lingathe.

Kodi oyang'anira mabungwe a zachuma ali kuti? Ku America lamulo la 1968 linakakamiza obwereketsa kuuza munthu, asanasaine, peresenti imodzi ya pachaka yophatikiza chiwongoladzanja ndi zolipiritsa zina, imene pamapepala imalembedwa kuti APR. Papita zaka zoposa 50, ndiye palibe anganene kuti ndi nzeru yachilendo imene ikufunika kafukufuku ndi misonkhano ya m'mahotela.

Pempho langa kwa banki yaikulu ndi aphungu ndi lakuti wobwereketsa aliyense alembe patsamba loyamba, ndi malemba akuluakulu, ndalama imene munthu alandire m'manja, ndalama yonse imene abweze, ndi peresenti yeniyeni ya pachaka. Wokana kutero amulande chiphaso.

Ine wowerenga wanu wokhumudwa