Ndiike kuti mphamvu zanga pa manotsi a Bayoloje?

Azakhali,

Pepani ngati kalatayi ikhala yosalongosoka, ndikulemba anthu onse m'nyumba muno atagona ndipo mutu wanga watentha. Ndine mtsikana, kapena ndinene mayi, chifukwa ndili ndi mwana mmodzi. Ndikubwereza MSCE pasukulu ina yamadzulo. Za chimene chinachitika kuti ndisakhoze bwino poyamba paja musandifunse, kungoti chaka chimenecho sichinali changa. Ndinapeza 7 pa Bayoloje, ndiye kuti pasi chabe, pamene kuti munthu aganiziridwe ku unamwino pamafunika kirediti, kuyambira 6 kutsika. Masana ndimagulitsa m'golosale ya alamu anga, ndipo ndiwo akundilipirira fizi ndi ndalama ya mayeso. Sindikuwanena, ndi anthu abwino, koma tsiku silidutsa osandikumbutsa kuti nyali ya kuchipinda kwanga ikudya mayunitsi. Babu limodzi, Azakhali, pamene wailesi yawo yakanema imachezera mpira mpaka pakati pa usiku.

Vuto langa ndi manotsi. Mayeso ayandikira ndipo silabasi ya Bayoloje ndi yaitali, Fomu 3 ndi Fomu 4 yonse, kuwonjezanso zina za m'munsi. Ndinagula hadikava yatsopano kuti ndilembemo zachidule zoti ndiziwerenga m'masabata otsiriza. Nditatsegula hadikava yakale ndinaona kuti mutu wa kagayidwe ka chakudya unatenga masamba oposa 20, zojambula zokongola, pensulo yamitundu, pamene jenetikisi inali ndi masamba awiri okha, lachiwirilo losamaliza. Si ulesi ayi. Mutu wa chakudya anatiphunzitsa bwino ndipo ndimaukonda, pamene wa jenetikisi aphunzitsi anangouthamanga sabata imodzi teremu ikutha.

Aphunzitsi ena, amene amatithandiza Loweruka, anatiuza kuti tisagawe masamba mofanana. Anati mutu uliwonse tiupatse manambala awiri. Yoyamba ndi kulemera kwake pa mayeso: 3 ngati ukupezeka pafupifupi pepala lililonse lakale la MANEB ndi malikisi ambiri, 2 ngati umabwera kawirikawiri koma ndi malikisi ochepa, 1 ngati umangooneka mwa apo ndi apo. Yachiwiri ndi kufooka kwako: 3 ngati sukudziwa kanthu, 2 ngati ukudziwa theka, 1 ngati uli bwino. Kenako uchulukitse ziwirizo, ndipo mutu umene watuluka ndi nambala yaikulu ndi umene udye masamba ambiri.

Ndinachita zimenezo ndi mtima wonse. Ndinayala mapepala akale amene ndili nawo pamphasa, funso lililonse ndikulemba chonga pa mutu wake. Malinga ndi kuwerenga kwanga, jenetikisi inapeza 3 ndi 3, kutuluka 9. Ubongo ndi mitsempha 2 ndi 3, kutuluka 6. Za zamoyo ndi malo ake okhala 2 ndi 2, kutuluka 4. Kayendedwe ka magazi 3 ndi 1, kutuluka 3. Mafupa ndi minofu 1 ndi 3, kutulukanso 3. Kagayidwe ka chakudya 2 ndi 1, kutuluka 2. Zonse pamodzi 27. Mitu isanu ndi umodziyi ndinaipatula masamba 54, ndiye kuti nambala iliyonse masamba awiri: jenetikisi 18, ubongo 12, za malo okhala 8, magazi 6, mafupa 6, chakudya 4. Masamba otsala ndinasungira mitu ina. Tsiku limenelo ndinagona tulo tabwino, ndinkaona ngati ndaigwira nkhani.

Ndiye kunabwera zotsatira za moko. Sindinena kuti ndinapeza zingati. Chimene chinandipweteka ndi chakuti malikisi ambiri sindinatayire pa jenetikisi pokha, ndinatayanso pa magazi, mutu umene ndinadzipatsa 1 kuti ndimautha. Panali funso lakuti ndifotokoze chifukwa chimene khoma la chipinda cham'munsi chakumanzere cha mtima limakhala lochindikala kuposa la chakumanja. Ine ndinatchula zipinda zonse zinayi, mavavu, mitsempha ikuluikulu, mpaka pepala kudzaza. Yankho lofunika linali lalifupi: chakumanzere chimapopa magazi kupita thupi lonse motero chimafuna mphamvu yaikulu, pamene chakumanja chimangowatumiza kumapapo, pafupi pomwepa. Anandipatsa ziro ndi kulemba m'mbali kuti yankha funso. Ine mtima ndimaudziwa, Azakhali, ndingathe kuujambula maso ali chitsinzinire. Ndiye nambala ya kufooka ija munthu amaitenga kuti? Mumtima mwake, kapena pa malikisi amene wataya atatseka buku? Chifukwa ndikatengera moko, magazi ayenera kukhala 3 ndi 2, kutuluka 6, ndipo masamba ake akwera kufika 12. Masamba enawo ndiwachotse kuti?

Chinanso chimene chikundisowetsa mtendere ndi magazi ndi mafupa aja. Onse anatuluka 3, onse masamba 6, koma ngakhale ine ndikuona kuti si zofanana. Magazi amabwera pafupifupi chaka chilichonse ndipo ndingokonza pang'ono kayankhidwe, malikisi ndatola. Mafupa ndiyenera kuyamba pachiyambi penipeni, ndipo mwina funsolo osabwera n'komwe. Kuchulukitsa kuja sikukuona kusiyana kumeneku. Ndinawafunsa aphunzitsi aja ndipo anangoti gwiritsanso ntchito nzeru zako, ali pa foni, akuthamangira minibasi. Ndikanakhala ndi nzeru zimenezo bwenzi ndikubwereza?

Koma nkhani yaikulu ndi jenetikisi. Ndalemba kale masamba 11 mwa 18 aja. Ndinakopera matanthauzo onse, jini, alilo, chibadwa champhamvu ndi chobisika, zonse. Akandipatsa nsawawa zazitali ziwiri, Tt ndi Tt, ndimajambula kabokosi kaja n'kupeza TT, Tt, Tt ndi tt, zitatu zazitali chimodzi chachifupi, 3:1. Apo ndilibe vuto. Koma asinthe pang'ono, anene za makolo awiri amene sadwala koma abereka mwana wa sikoselo, ndipo andifunse chibadwa cha makolowo, mutu umaima. Pambuyo pake ndikaona yankho ndimazindikira kuti ndi kabokosi komweko, makolo onse ali ndi alilo imodzi yobisika, ndipo mwayi woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Komatu ndimazindikira nditaona. Ndayamba kuganiza kuti mutu umenewu sufuna masamba 18. Mwina zonse zofunika zikhoza kukwana pa masamba anayi, ndipo chimene ukufuna ndi kusova mafunso ambiri osiyanasiyana mpaka dzanja lizolowere. Ngati zili choncho, ndiye kuti kuchuluka kwa masamba ndi kuchuluka kwa nthawi ndi zinthu ziwiri, ndipo ine ndakhala ndikudzaza pepala chabe usiku wonsewu mayunitsi a anthu akutha.

Mnzanga wa pagulu lathu lowerengera akuti ndiisiye jenetikisiyo. Akuti mutu umene uli pa ziro suukweza m'masabata ochepa, bola kulimbitsa mitu imene uli pakati, chifukwa kuchoka pa 5 kufika pa 8 mwa malikisi 10 n'kosavuta kusiyana ndi kuchoka pa ziro kufika pa 3, chonsecho phindu ndi lomwelo, malikisi atatu. Ndikamaganiza ndekha ndimaona kuti pali nzeru. Koma ndi yemweyu anabwereka mapepala anga akale awiri, amene ndinachita kujambulitsa ndi ndalama yanga ya sopo, n'kuwabweza limodzi lothimbirira ndi mafuta a mandasi, linalo akuti mng'ono wake anang'amba. Osapepesa n'komwe. Pagulu anandiseka kuti ndikuchita masamu m'malo mowerenga Bayoloje, anthu onse n'kuseka, mpaka mnyamata wina amene sabwera n'komwe kusukulu. Mnzangayo mtima uli m'malo chifukwa akuti kudzabwera likasa. Waiwala kuti mu 2020 mayeso atabedwa anathetsedwa, anthu n'kudzalembanso mu Januwale 2021, olakwa ndi osalakwa omwe. Ndiye malangizo a munthu wotere ndiwamvere? Kapena akungofuna tidzalephere limodzi?

Komanso mapepala amene ndinawerengera kulemera aja ndi ochepa, ndipo ena ndi akale, a nthawi imene Fizikisi ndi Kemisitire zinali zisanagawidwe, silabasi isanasinthe. Kodi amenewo ndiwawerengere mofanana ndi atsopano? Nanga mutu umene uli mu silabasi koma sunaoneke pa mapepala anga onse, ndiupatse 1 chifukwa sumabwera, kapena ndiuope kuti mwina ino ndiyo nthawi yake? Wina akuti mutu ukabwera chaka chatha subweranso, wina akuti umene umabwera ndi umene umabwerabe. Onsewa amalankhula ngati amagwira ntchito ku Zomba.

Dzulo ndi pamene ndinaonanso china. Mapepala onse amene ndinayala pamphasa anali a mafunso olemba. A pulakitiko ndinalibe, palibe anandipatsa, ndipo aphunzitsi aja sananene kuti tiwaphatikize. Chonsecho kuyeza zakudya kumakonda kubwera ku pulakitiko: ayodini kusanduka wabuluu wakuda pa sitachi, madzi a Benedict kusanduka ofiira ngati njerwa ukawatenthetsa ndi shuga, Biuret kusanduka wapepo pa mapulotini. Zimenezi zili pansi pa mutu wa chakudya, womwe uja ndinautsitsa kufika masamba 4. Kusukulu kwathu madzulo labu imakhala yokhoma, ine zimenezi ndinangoziona m'buku, sindinagwirepo chubu ndi dzanja langa. Ndiye pa mutu umodzi womwewo ndili 1 pa zolemba koma 3 pa zochita. Ndiugawe pawiri? Ndikayamba kugawa mitu yonse chonchi, ndidzamaliza tebulo mayeso atadutsa.

Akulu anga akuti ndikudzivuta, ndingowerenga buku kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza monga ankachitira iwo. Iwo sanalembepo MSCE ali ndi mwana wodzuka usiku, ndipo sanaimepo m'golosale tsiku lonse. Nthawi yanga yowerenga ndi maola awiri, nthawi zina osakwana. Ndipo Bayoloje si phunziro lokhalo, Chingerezi chikundidikira, chimene ukalephera satifiketi palibe. Alamu ananena Lamulungu, akudya nsima, osandiyang'ana, kuti ino ndi nthawi yomaliza kulipira. Ananena moseka koma ndinamva.

Ndithandizeni, Azakhali, kapena mundifunsire kwa aphunzitsi amene amachonga mayeso. Masamba 7 otsala a jenetikisi ndiwalembe, kapena ndiime pomwepa ndiyambe kusova mafunso? Mitu iwiri ikatuluka ndi nambala yofanana, ndiyambe ndi wolemera umene ndikuudziwa pang'ono, kapena wopepuka umene sindikuudziwa? Kufooka ndikuyeze ndi moko umodzi wokhawu, kapena ndidziyesenso ndekha mutu ndi mutu, nthawi yake n'kuitenga kuti? Ndipo mnzanga uja ndimuuze za pepala langa, kapena ndingozisiya mpaka tidzalembe?

Chonde dzina langa musalilembe, alamu amagula nyuzipepala yanu Loweruka lililonse.

Ine wothedwa nzeru,
ku Kasungu