Wotsika mtengo, koma achotsamo chiyani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjeze ophunzira ndi mabungwe osachita malonda amene amathamangira mapulogalamu a pakompyuta aulere kapena otsitsidwa mtengo, poganiza kuti alandira zonse zimene amalandira munthu wolipira mtengo wathunthu.

Si aliyense amene amavomerezedwa. Wophunzira amafunsidwa umboni woti akadali pasukulu, monga imelo ya sukuluyo kapena chitupa chokhala ndi deti, ndipo umboniwo umatha mphamvu: ku Spotify, pulogalamu yomvetserapo nyimbo, amauunikanso miyezi 12 iliyonse, ndipo mwayiwo supitirira zaka 4. Bungwe nalo liyenera kukhala lolembetsedwa mwalamulo m'dziko lake, komabe kusapanga phindu pakokha sikukwanira, chifukwa Google for Nonprofits, ndondomeko ya kampani ya Google yothandiza mabungwe otere, silandira nthambi za boma, zipatala ndi sukulu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene zimachotsedwamo, pakuti zimenezi sazilemba m'zilembo zikuluzikulu. Kuyambira pa 1 Julayi 2025, kampani ya Microsoft inayamba kuthetsa malaisensi aulere a mapulogalamu ake a Office, otchedwa Business Premium, amene inkapereka kwa mabungwe, n'kusiya a Business Basic, omwe bungwe lingalandire mpaka 300 osalipira. Chiwerengerocho n'chokopa ndithu, koma Business Basic ilibe Word ndi Excel zoika pakompyuta. Munthu amazitsegula pa intaneti kapena pafoni. Office 365 A1, imene sukulu zambiri zimapatsa ophunzira ake, ili chimodzimodzi.

Tiyerekeze bungwe la antchito 12, lomwe mlembi wake wa zachuma amasunga maakaunti mu Excel yokhala ndi timapulogalamu ta VBA tokonza lipoti la mwezi ndi mwezi. Fayilo yotereyi imatseguka bwinobwino pa intaneti, manambala onse amaoneka, moti palibe angakayike kanthu, koma timapulogalamuto sitigwira ntchito kumeneko, ndipo vutoli limadzaonekera tsiku limene lipoti likufunika. Komanso intaneti ikadula, ntchito yaima. Bungwe lotere silifunika kugulira anthu onse 12 laisensi yapamwamba ayi. Lingatenge malaisensi 11 aulere a antchito amene amangofuna imelo ndi kulemba makalata, kenaka n'kulipira imodzi ya Business Standard, pamtengo wa mabungwe, ya mlembi wa zachumayo, popeza malaisensi osiyana amatha kukhala mu akaunti imodzi.

Ophunzira ali ndi msampha wawo wina, womwe si batani losowa koma chiletso. Laisensi ya ophunzira ya AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, ndi yophunzirira basi, kotero kuti wojambula nayo pulani ya nyumba n'kulandirapo ndalama waphwanya mgwirizano, ngakhale pulogalamuyo yagwira ntchito yonse bwinobwino.

Ndikupempha atolankhani anu kuti akamalengeza za mwayi wotere azitchula dzina lenileni la laisensiyo, osangoti "Office yaulere", kuti owerenga azitha kuiyerekeza ndi yolipira asanasamutse mafayilo awo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu