Mphindi zisanu pa msonkhano wa pa doko

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Malindi tili bwino, mayi ako akupereka moni. Uthenga wako ndaulandira, woti a komiti ya pa doko akupatsa mphindi zisanu Lachinayi likudzali kuti ulankhule za anthu amene akuphera nsomba neti yoteteza udzudzu. Ukuti walemba masamba anayi. Umenewo ndi mlandu woyamba, ndipo tiyambire pomwepo.

Mphindi zisanu ndi masekondi 300, ndipo uwagawe ngati ndalama ya pa msika. Malonje atenge 20, mawu okopa anthu 30, mfundo zitatu iliyonse 70, mawu otsekera 20. Zonse pamodzi ndi 280. Otsala 20 usawapatse ntchito, adzadyedwa ndi kuseka kwa anthu, mwana wolira, kapena injini ya boti. Mawu athu a Chichewa ndi aatali, choncho zolemba zako zisapitirire mawu 450, pafupifupi tsamba limodzi ndi theka la kope. Ufunsiretu kwa wapampando ngati padzakhala womasulira m'Chiyao. Ngati alipo, chiganizo chilichonse chidzanenedwa kawiri, ndiye kuti zako ndi mphindi ziwiri ndi theka basi, ndipo udule zolembazo pakati.

Malonje ndiwo amadya nthawi ya anthu ambiri kwathu kuno. Munthu amatchula a gulupu, a nyakwawa mmodzimmodzi, a shehe, abusa, alendo ochokera ku boma, pomaliza mphindi yathunthu yapita. Ulemu usausiye, koma wapampando adzakhala atawatchula kale onsewo. Iwe utchule wamkulu wa onse, enawo uwaphatikize: "A gulupu, mafumu onse, atsogoleri athu a zipembedzo, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata." Ukatero ukhale chete pang'ono, uwayang'ane. Zoti "ine sindidziwa kulankhula" kapena "sindinakonzekere" zisatuluke pakamwa pako, chifukwa ukanena zimenezo anthu amakukhulupirira n'kuyamba kucheza zawo.

Tsopano mawu okopa, amene ndikufuna uwaganizire kwambiri. Asodzi ambiri adzakhala atachezera pa nyanja usiku wonse, amayi mtima uli pa usipa umene ausiya pa thandala. Anthu oterewa suwagwira ndi mawu akuti "lero ndikamba za kuipa kophera nsomba neti ya udzudzu". Akangomva mutuwo adziwa kale mathero ake. Apatse chinthu choti aone. Utenge neti ya udzudzu ndi kachidutswa ka ukonde wa chambo. Ukweze ukondewo, ulowetse zala m'diso lake, zipite. Kenako ukweze neti ija, uyese kulowetsa chala, chikanike. Pamenepo unene kuti: "Pamene chala changa chakanika kudutsa, mwana wa chambo adutsa bwanji?" Masekondi 30 akwana, ndipo amene wakhala kumbuyo, ngakhale mawu sanawamve chifukwa cha mwera, waona ndi maso.

Funso limakopa, koma si funso lililonse. Ukafunsa kuti "ndani pano amaphera neti ya udzudzu?" palibe adzakweze dzanja pamaso pa mfumu, ndipo wina aliyense adzamva kuti wabwera kudzamuimba mlandu. Udzazindikira kuti zalakwika ukaona anthu akuweramira pansi, ena akutokosa mchenga ndi kamtengo. Nthabwala ndi nthano nazonso uzipewe pano. Nthano yabwino imafuna mphindi ziwiri, iwe ulibe, ndipo nthabwala ikapanda kuseketsa ulibe nthawi yodzukira pomwe wagwera. Mwambi ungathandize, koma umene anthu aumva pa msonkhano uliwonse sudzutsa munthu wogona.

Ukatsitsa netiyo uwauze kuti uli ndi zinthu zitatu, ndipo uziwerenga pa zala poyera. Amene malingaliro ake anathawira ku thandala akaona chala chachiwiri adziwa pomwe wafika. Pa masamba ako anayi aja ndikukhulupirira muli mfundo zisanu ndi ziwiri kapena kuposa. Yesa iliyonse motere: kodi ndingainene m'chiganizo chimodzi chopanda "komanso"? Ikakana, ndiye kuti ndi mfundo ziwiri zobisalirana, usankhe imodzi.

Mfundo iliyonse uimange mofanana: uinene mwachidule, upereke chitsanzo chimodzi cha pa doko pomwepo, uibwereze. Yoyamba ikhale ya nyanja. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, n'kudzawasiya m'madzi osaya kufupi ndi gombe, komwe neti ya udzudzu imakokedwa. Kasawala wodzadza mbale imodzi lero akanakhala chambo chodzadza dengu. Yachiwiri ikhale ya kunyumba. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo neti imene ikuuma pa mchenga yasiya mwana akugona pamtetete. Ndalama ya nsomba zija imathera pa kabaza wopita naye ku chipatala.

Yachitatu ndiyo anthu amailakwitsa, chifukwa amawonjezera vuto lina pamwamba pa mavuto awiri. Anthu atamva za nyanja ndi za mwana, mumtima akufunsa kuti nanga titani. Uwayankhe, ndipo uvomereze kaye kuti amene amakoka netiyo si chitsiru, akufuna ndiwo. Chiganizo chimodzi chimenecho chidzakutsegulira makutu a amayi. Kenako upemphe chinthu chimodzi chotheka sabata yomweyi, monga chakuti neti iliyonse imene ili pa gombe ichapidwe, yong'ambika isokedwe, ibwerere m'nyumba. Zoti lamulo limaletsa usodzi umenewu uwasiyire a zausodzi ndi mafumu, ndi awo mawu amenewo. Ukayamba za chindapusa iwe, zala zako zija ziiwalika, msonkhano usanduka bwalo la milandu.

Mawu otsekera uwalembe poyamba, usanalembe china chilichonse, ndipo uwaloweze pamtima. Akhale afupi moti munthu akhoza kukawanena kunyumba kwa amene sanabwere, asakhale ndi nkhani yatsopano, ndipo abwerere ku chinthu chimene unayamba nacho. Ukwezenso neti ija, udikire kamphindi, unene kuti: "Neti iyi inabwera kudzafunditsa ana athu, osati kudzatha ana a chambo." Uwonjezere "zikomo", ukhale pansi. Mawu akuti "pomaliza" uwanene kamodzi kokha. Wokamba akati "pomaliza" kenako "chinanso ndaiwala", anthu amakhala atatseka kale makutu, ndipo chiganizo chake chabwino chija chimakwiririka.

Pa tsikulo usanyamule masamba. Kapepala kamodzi kakwana, pakhale chiganizo chotsegulira, mawu atatu okukumbutsa mfundo, ndi chiganizo chotsekera. Ukawerenga pa pepala mutu umawerama, mawu amapita mu mchenga. Uyeserere katatu mokweza uli chiimire, foni ikuwerenga nthawi, kamodzi pamaso pa munthu woti ukamaliza umufunse zinthu zitatu zimene wamva. Akatchula ziwiri, yachitatuyo uikonzenso. Poyeserera uzimaliza pa mphindi zinayi ndi theka, chifukwa pabwalo umalankhula mokweza ndi modekha, ndipo nthawi imatalika. Wapampando akakukodola kuti nthawi yatha uli pa mfundo yachiwiri, usathamange. Utaye chitsanzo chotsalacho, unene pempho lako m'chiganizo chimodzi, ulumphire ku mawu otsekera.

Kachidutswa ka ukonde ukapemphe kwa amalume ako Lachitatu, ndipo usankhe ka maso aakulu koti kaoneke patali. Ukatiimbire Lachinayi madzulo.

Ndine bambo ako.