Dandaulo pa makina odinda chala omwe munatigulitsa

Bwana Manijala,

Ine ndimaphunzitsa masamu chaka choyamba pa koleji ina kuno ku Blantyre, kalasi yanga ili ndi ophunzira 320, ndipo ndine amene ndinakakamiza akuluakulu kuti tigule makina anu awiri odinda chala aja kuti tizidziwa ophunzira omwe abwera mkalasi. Pano ndikuyenda chozolika.

Munthu wanu atabwera anati munthu mmodzi masekondi awiri basi. Tinawerengera limodzi pa bolodi, anthu 160 pa khomo lililonse, mphindi zisanu ndi pang'ono aliyense wakhala pansi. Lolemba lapitali ndinaima pakhomo ndi wotchi ya pa foni, zikumatenga masekondi 9 pa munthu tikaphatikiza obwereza, ndiye 160 kuchulukitsa ndi 9 ndi mphindi 24 zathunthu, pa phunziro la ola limodzi! Iye uja anangowerenga nthawi yomwe makina amawerenga chala, anaiwala kuti munthu amayenera afike, atule chikwama, adinde, adikire kuwala kobiriwira kenako asunthe.

Chondiwawa kwambiri ndi kukana zala. Mwana watsika minibasi ya ku Bangwe kapena wayenda wapansi kuchokera ku Ndirande mvula ikugwa, chala chanyowa, makina akungoti "Please try again" katatu kanayi, mzere wafika pa masitepe, ena akukankhana. Kagalasi kaja kakadutsa anthu 50 kamakhala kali mafuta okhaokha mpaka ndimapukuta ndi kansalu ka magalasi anga. Pali mtsikana wina zala zake zinaperepeseka ndi kuchapa, chiyambire semesita sanamulandireko olo kamodzi, mu rejisita akuoneka ngati wojomba pomwe amakhala kutsogolo penipeni tsiku lililonse. Nanga akadzamuletsa mayeso ndidzamuuza chani?

Kenako nkhani ya magetsi. Munati muli batire, koma akangothima makina amazima pompo, akayaka wotchi yake imabwerera mmbuyo, ndiye fayilo ya CSV ikumaonetsa anthu atalowa mkalasi pakati pa usiku tsiku lolakwika. Ndimakonza pamanja mzere ndi mzere, ndiye phindu lake lili pati?

Pepala la mayina loyendetsa mkalasi lija tinalisiya chifukwa ophunzira ankasainirana, mayina 300 mitu 240, komabe silinkandidyera phunziro.

Ndaimba kanayi, yankho lake "tikutumizirani munthu". Chonde pasanathe masiku 7 mubwere muike mabatire ogwira ntchito, mulembetsenso zala ziwiri ziwiri kwa omwe akukanidwa, ndipo mutsegule njira ya khadi yomwe munati makinawa ali nayo poti khadi silisamala za thukuta. Munthu wanuyo asabwere masana holo ili pululu ayi, abwere Lolemba 7:30 m'mawa adzaone yekha mzerewo. Zikakanika mudzatenge katundu wanu mutibwezere ndalama, risiti ndi pepala la walanti ndili nazo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu, Blantyre