Tsamba likakana pa intaneti ya kunyumba, tisathamangire kunena kuti latsekedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri pa ntchito yanga yokonza makompyuta. Munthu amati tsamba lina likutseguka bwinobwino ndi bandulo ya pafoni, koma pa intaneti ya kunyumba likungozungulira. Ambiri amagamuliratu kuti kampani yawo ya intaneti yalitseka dala. Kutseka kumachitika ndithu, koma zambiri zomwe ndakumana nazo zimakhala vuto la njira, ndipo munthu angathe kusiyanitsa yekha asanaimbe foni yodandaula.

Choyamba, musayerekeze foni ndi laputopu. Tengani laputopu yomwe ikukanayo, muilumikize ku foni kudzera pa Hotspot. Tsamba likatseguka, laputopu ilibe mlandu; vuto lili pakati pa rauta yanu ndi kumene tsambalo limasungidwa.

Kenako werengani zimene zalembedwa pa sikirini, chifukwa kukana sikufanana. Mukaona 403 Forbidden kapena Access denied, ndiye kuti uthenga wanu wakafika, koma wakanidwa pakhomo, nthawi zambiri ndi eni tsambalo. Makampani ambiri amaika makasitomala ochuluka pa adiresi imodzi ya IP, nambala yomwe masamba amakudziwirani nayo pa intaneti, ndiye mmodzi akachita zachinyengo, adiresiyo imaletsedwa ndipo nonse mumalangidwa limodzi. Zikatero pemphani kampani yanu ikusinthireni adiresi, kapena lemberani eni tsamba.

Mukaona DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN, vuto lili pa DNS, yomwe imasandutsa dzina la tsamba kukhala nambala. Muli pa intaneti ya kunyumba, pa Windows tsegulani Command Prompt mulembe izi, m'malo mwa example.com muikemo tsamba lanulo:

```
nslookup example.com
nslookup example.com 8.8.8.8
```

Mzere woyamba ukufunsa DNS ya kampani yanu, wachiwiri ukufunsa ya Google. Woyamba ukalephera kapena ukabweza nambala yachilendo ngati 0.0.0.0, pamene wachiwiri wayankha bwino, apa mpomwe mungayambe kukayikira kutseka, ngakhale mwina DNS yawo yangowonongeka. Onaninso mu rauta ngati wina sanayatse zotetezera ana. Masamba akuluakulu amapereka nambala zosiyana nthawi ndi nthawi, choncho kusiyana kokha si umboni.

Posachedwapa mayi wina anandibweretsera nkhani ya mwana wake, yemwe ankafuna kutumiza fomu ku sukulu ina ya kunja masiku otsekera atayandikira. Sikirini inkangolemba ERR_CONNECTION_TIMED_OUT, kutanthauza kuti kompyuta yadikira yankho mpaka kutopa. Ma DNS onse awiri anapereka nambala imodzimodzi. Ndiye tinalemba:

```
tracert example.com
```

Lamulo limeneli limaonetsa malo onse omwe uthenga ukudutsa, mzere ndi mzere. Pa intaneti ya kunyumba mzere woyamba unali rauta ya m'nyumbamo, 192.168.1.1, yotsatira inali ya kampani, kenako manambala awiri anayamba kubwerezana, uyu kuponyera uyo, uyo kubwezera uyu, mpaka mzere wa 30 pomwe tracert imalekera. Pa bandulo ya foni uthenga unakafika popanda chovuta. Apa panalibe amene anatseka chilichonse: makina awiri a panjira ankangobwezerana katundu, aliyense poganiza kuti mnzakeyo ndiye akudziwa njira. Fomu tinatumiza pa foni, ndipo zithunzi za mayeso awiriwo tinazipereka ku kampani kuti akonze.

Ndichenjeze pang'ono: zizindikiro zitatu za nyenyezi, * * *, pa mzere umodzi wa tracert si vuto ngati mizere yapansi ikupitirira, chifukwa makina ena sayankha tracert mwadala. Chofunika n'kuona ngati zonse zikufera pamalo amodzi pamene pa foni zikudutsa.

Zoterezi sizodabwitsa kwathu kuno. Malawi alibe doko la kunyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique isanafike ku zingwe za pansi pa nyanja, ndipo kampani iliyonse imagula njira yakeyake. Pamene zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka mu Meyi 2024, mayiko ambiri a mbali ino anavutika, ife tomwe. Foni yanu ndi rauta yanu zingakhale pa tebulo limodzi koma zikutulukira m'mayiko osiyana.

Pempho langa likupita kwa makampani. Kasitomala akakubweretserani zotsatira za tracert, musamuuze kuti azimitse rauta n'kuyatsanso. Zimenezo wachita kale. Mpatseni nambala ya dandaulo, ndipo zithunzizo zikafike kwa mainjiniya. Ngati tsamba mwalitseka motsatira lamulo, ikani uthenga pa sikirini wonena choncho, kuti munthu asaononge ndalama kugula rauta ina. Kasitomala amene sakuthandizidwa asunge nambala ya dandauloyo pamodzi ndi tsiku ndi nthawi ya mayeso ake, akadandaule ku MACRA.

Wokonza makompyuta,
Zomba